Ndachedwetsa zikwama za kasitomala, imelo yopepesa ndilembe bwanji?

Zikwama za ku Kawale

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru msanga. Ndimasoka zikwama za chitenje, zija amagawa pamisonkhano. Bungwe lina muno mu Lilongwe linandipatsa oda ya zikwama 120 pa K7,000 chimodzi, ndipo linalipiriratu theka, K420,000. Tinagwirizana kuti ndikapereke ku ofesi kwawo Lolemba pa 6, kuti apeze nthawi yolongedzamo makope, zolembera ndi mapepala, chifukwa msonkhano wawo ukuyamba Lachiwiri pa 14 ku Salima. Lero ndi Lachitatu pa 8. Zatha 80, zatsala 40, ndipo sindinaperekeko ngakhale chimodzi. Dzulo masana amayi amene amayang'anira zogula kumeneko anandilembera imelo ya mzere umodzi: "Zikwama zathu zili pati?" Mpaka pano sindinayankhe. Usiku ndalemba iyi, koma ndikaiwerenga mtima sukukhazikika. Amayiwa timalemberana m'Chichewa kuyambira kale.

> Okondedwa Amayi,
>
> Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kuntchitoko. Pepani kwambiri ngati mwakhumudwa ndi kuchedwa kwa zikwama, koma zinthu zinavuta kwambiri sabata yathayi. Monga mukudziwa, magetsi akuthimathima, ndipo Lachitatu ndi Lachinayi tinangokhala osasoka. Komanso mazipi a saizi imene timafuna anasowa ku Malangalanga, ndinayenda mashopu ambiri osawapeza mpaka Loweruka. Kuwonjezera apo telala wanga mmodzi anapita kumaliro a malume ake ku Ntcheu ndipo anakhalako masiku atatu. Inenso sindikugona. Chonde mundimvetse, si khalidwe langa, inunso mukudziwa kuti chaka chatha ndinakuperekerani pa nthawi yake. Tiyesetsa kuti mwina pofika Lachisanu zikhale zatha, Mulungu akalola. Pepani, pepani kwambiri.

Zonse ndalembazi ndi zoona, palibe bodza. Nanga chikundikayikitsa n'chiyani?

Mayi wa Makeke

Achemwali, musanakonze chilichonse, imbani foni pompano. Munthu anafunsa dzulo masana, lero akadali chete kudikira yankho. Kusayankhako kukupweteka kuposa kuchedwako. Imelo ibwere pambuyo.

Kalipentala wa ku Mchesi

Vuto lanu ndi magetsi amayi. Ine ndinagula jenereta yaing'ono chaka chatha, makina anga sakuimanso. Kapena pezani makina a mapazi awiri oonjezera, pa chitenje amagwira bwinobwino. Za maimelo sizisoka chikwama.

Zikwama za ku Kawale

Zikomo achimwene, za jenereta tikambirana tsiku lina. Makina a mapazi ndili nawo amodzi. Pano ndikufuna mawu oti ndiwatumizire amayiwa lero.

Mkulu wa Zogulagula

Mwana wanga, ndinagwira ntchito yogulira mabungwe katundu kwa zaka zambiri ndisanapume, ndiye ndikuuzeni mmene imelo yanuyi ikaonekere kwa amene akailandire.

Amayi aja sakukufunsani chifukwa choti akufuna kumva nkhani. Iwonso ali ndi bwana wawo amene wawafunsa kuti zikwama zili pati, ndipo alibe chomuyankha. Akatsegula imelo yanu, maso awo akafuna zinthu ziwiri: zikwama zifika liti, ndipo ndi zingati. M'kalata yanuyi ayenera kudutsa magetsi, mazipi, maliro ndi kusagona kwanu, kenako kumapeto apeza "mwina pofika Lachisanu". Chiwerengero mulibemo. Simunawauze n'komwe kuti 80 zatha kale, pomwe imeneyo ndiyo nkhani yabwino imene muli nayo m'manja. Munthu wowerenga imeloyi akhoza kuganiza kuti simunayambe kusoka.

Chinanso, zifukwa zikachuluka zimafooketsana. Chifukwa chimodzi munthu amachikhulupirira. Zikafika zinayi, amayamba kuganiza kuti wolembayo akufunafuna chimene chigwire. Zingakhale zoona zonse, monga mwanenera, koma wowerenga alibe njira yozitsimikizira, ndipo akhala atalandirapo makalata otere kuchokera kwa anthu amene ankanama.

Ndikufunseni funso limodzi, muyankhe moona: munadziwa liti kuti Lolemba simukwanitsa?

Zikwama za ku Kawale

Abambo, Lachinayi lapitali madzulo ndinali nditadziwa kale. Ndinkaganiza kuti tikakoka Loweruka ndi Lamulungu mwina zitheka, ndiye ndinakhala chete. Komanso pali china chimene sindinalembe: sabata yomweyo ndinalandira oda ya mayunifolomu a sukulu ya mkaka, masiku awiri anapita kumeneko.

Mkulu wa Zogulagula

Ndiye mwapeza chimene muyenera kupepesa. Magetsi si inu munawathimitsa, maliro si inu munawaitana. Koma kudziwa Lachinayi n'kusanena, Lolemba n'kudutsa osanena, iwo n'kufunsa Lachiwiri inu osayankha, zimenezo ndi zanu nokha. Akanamva Lachinayi, akanasintha tsiku lolongedza popanda vuto lililonse. Imelo yanu ikupepesa zimene simunalakwe, ndipo chimene munalakwacho sichikutchulidwa.

Za mayunifolomu musalembe. Sikubisa ayi, mukanena kuti "sindinawerengere bwino nthawi" mwanena zoona ndipo mayunifolomuwo ali momwemo. Kuwatchula dzina kungowauza amayiwa kuti munaika kasitomala wina patsogolo pawo, ndipo palibe chimene angachite nazo. Paja mapanga awiri avumbwitsa, koma phunziro limenelo ndi lanu, si la iwo.

Mnyamata wa Matisheti

Ine ndikutsutsako pang'ono, madala. Pabizinesi osalemba kuti "ndalakwa" pa imelo. Imelo ndi umboni, lamulo lija la 2016 la zochitika pa intaneti limavomereza mauthenga otere kukhoti. Mawa akafuna kukana kulipira K420,000 yotsalayo angotulutsa imelo yomweyo kuti onani wavomera yekha. Ine ndimalemba kuti "katundu wachedwa chifukwa cha zifukwa zimene sitikanatha kuzipewa" basi. Yaifupi, yopanda nkhani zambiri. Si zimene tikufunazo?

Mkulu wa Zogulagula

Pa kufupika mwalondola, ndipo n'zoona kuti imelo imasungidwa. Koma taganizani: chimene mukuopa kuvomeracho chili kale poyera. Pepala la oda likunena pa 6, pepala limene adzasainire polandira katundu lidzanena tsiku lina. Kuchedwa kwatsimikizika popanda imelo yanu. Ngati m'mgwirizano mwawo muli chilango cha kuchedwa, adzadula ngakhale mutakhala chete. Ndiye kukana kuvomera sikukutetezani ku chilichonse, kukungokuonetsani ngati munthu wozemba.

Pamene muyenera kusamala ndi pena. Vomerani chimene chinachitika, osavomera zimene sizinachitike. Mulembe kuti "sindinapereke pa tsiku limene tinagwirizana". Musalembe kuti "ndakuonongerani msonkhano", chifukwa msonkhano sunaonongeke, kapena "ndilipira chilichonse chimene mwataya", chifukwa simukudziwa kuti ndi ndalama zingati.

Ndipo mawu anu aja akuti "zifukwa zimene sitikanatha kuzipewa" kwa achemwaliwa angakhale bodza. Akanatha kuimba foni Lachinayi.

Mnyamata wa Matisheti

Chabwino, koma achemwali onani kaye pepala la oda ngati pali mawu a chilango. Ena amalemba timawu ting'onoting'ono kumbuyo.

Zikwama za ku Kawale

Ndaona, ndi tsamba limodzi lokha. Pali chiwerengero, mtengo ndi tsiku, za chilango palibe.

Aphunzitsi a Chichewa

Ndiloleni ndilowerepo pa ziganizo. Chiganizo chanu choyamba chopepesa chili ndi mabowo awiri. "Ngati mwakhumudwa" akutanthauza kuti mwina palibe cholakwika, vuto ndi mtima wa amayiwo. Kenako "koma" akubwera kudzafafaniza pepani yense, chifukwa munthu akamva "koma" amadziwa kuti zenizeni zikubwera tsopano. Onaninso kuti m'kalata monse zinthu zikuchita zokha: zikwama zikuchedwa, zinthu zikuvuta, mazipi akusowa. Inu mukuonekera pokhapo pamene mukuvutika, poyenda m'mashopu ndi posagona. Lembani chiganizo chimodzi chimene inu ndinu wochita: "Sindinapereke zikwama Lolemba monga ndinalonjezera."

Pepani mmodzi akwana. Mukabwereza katatu ndi "chonde mundimvetse", mwawapatsa amayiwo ntchito yokutonthozani, pomwe olakwiridwa ndi iwo.

Mayi wa Makeke

Zonsezi ndikuvomereza kupatula chimodzi. Za maliro zisachotsedwe. Ife ndi Amalawi, si azungu. Amayiwo akadzamva mbali ina kuti kwa telala wanu kunali zovuta ndipo inu simunanene, adzati bwanji osatiuza, tikanamvetsa. Maliro si chifukwa chozembera, ndi chinthu chimene munthu aliyense amachilemekeza. Ine kasitomala wanga wa keke yaukwati nditamuuza kuti kwathu kwagwa zovuta, anachita kundipepesa yekha.

Aphunzitsi a Chichewa

Amayi, anu aja anali maliro a kwanu, ndipo ndikhulupirira munanena nthawi isanakwane. Awa ndi a malume a wantchito, ndipo akutchulidwa tsiku litadutsa kale. Pamenepo amamveka ngati chishango. Komanso mwini maliroyo anavomera kuti nkhani ya kwawo ikalowe m'faelo ya bungwe?

Mayi wa Makeke

Chishango ayi aphunzitsi. Ndi zoona zimene zinachitika. Matelala atatu, mmodzi kuchokapo masiku atatu, ntchito imatsikadi. Mwina asalembe, koma pafoni anene.

Mkulu wa Zogulagula

Pafoni, ngati amayiwo afunsa kuti chinachitika n'chiyani, anene mwachidule. Pamenepo ndigwirizana nanu. Mu imelo ine ndikanasiya, chifukwa imeloyi siwerengedwa ndi amayiwo okha. Akangoilandira aitumiza kwa bwana wawo, mwinanso kwa a zachuma, anthu amene sadziwa achemwaliwa. Kwa iwo chofunika ndi tsiku ndi chiwerengero.

Mayi wa Makeke

Ine ndikanalembabe mzere umodzi. Koma bizinesi ndi yawo, asankhe okha.

Wa ku Joni

Nkhaniyi yandikhudza abale. Ine ndili ku Johannesburg, ndimagulira anthu a kumudzi katundu, mafiriji, ma TV, zida za galimoto, n'kutumiza pa mathiraki a anzathu. Njira ndi yomwe ija, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, kenako Mwanza. Pano ndili ndi bambo wina ku Limbe akudikira injini ya chigayo, ndinamuuza masabata awiri, ino ndi sabata yachinayi. Thiraki inakhala pa boda masiku angapo chifukwa mapepala a katundu wa munthu wina sanali bwino. Nanga ine ndilembe kuti ndalakwa? Ndalakwa chiyani? Ndinalongedza pa nthawi yake, ndinalipira thiransipoti.

Mkulu wa Zogulagula

Achimwene, bambo wa ku Limbeyo ndalama anapereka kwa yani? Kwa inu. Dalaivala wa thiraki samudziwa, ndipo sanamusankhe. Amene anasankha thirakiyo ndi inu, amene ananena masabata awiri ndi inunso, pomwe mukudziwa bwino kuti pa njira imeneyo pali maboda atatu. Simukufunika kulemba kuti munaimitsa thiraki. Mulembe motere: "Ndinakulonjezani masabata awiri ndipo sindinakwanitse, pepani. Thiraki inachedwa pa boda, pano yadutsa, ili pamalo akuti. Ndikuyembekezera kuti injini ifika tsiku lakuti, ndipo ndikudziwitsani Lachisanu pamene yafika." Chifukwa chatchulidwa m'mawu ochepa, koma lonjezo losweka mwalitenga ndinu. Kukangana ndi mwini thiraki ndi nkhani yanu ndi iye.

Wa ku Joni

Vuto ndi loti tsiku lenileni sindikulidziwa. Dalaivala foni yake ikumangoitana.

Mkulu wa Zogulagula

Ndiye musapeke tsiku. Nenani chimene mukudziwa, pamene thiraki inali komaliza ndi liti, ndipo lonjezani chimene chili m'manja mwanu: tsiku limene mudzamulemberenso, kaya nkhani ikhale yabwino kaya ayi. Lonjezo limenelo mukhoza kulisunga muli ku Joni komweko.

Wa ku Joni

Mmm. Komabe zikundiwawa kupepesa pa mlandu wa mapepala a munthu wina. Ndiganizapo.

Zikwama za ku Kawale

Ndaimba foni monga ananenera amayi a makeke. Amayiwo anali pamsonkhano, angoti "lembani imelo, ndikufuna choonetsa abwana". Ndiye abambo munanena zoona. Galimoto yawo ikunyamuka Lolemba pa 13 nthawi ya 9 koloko m'mawa kupita ku Salima, ndipo Lachisanu ofesi amatseka masana. Ndilembe kuti zonse Lachisanu m'mawa?

Mkulu wa Zogulagula

Tiyeni tiwerengere limodzi musanalembe tsiku lililonse, chifukwa tsiku lachiwirili likasweka palibenso imelo imene ingakonze. Muli matelala angati, ndipo mumasoka zingati pa tsiku?

Zikwama za ku Kawale

Tilipo atatu ndi ine ndemwe, wa ku Ntcheu anabwerako. Magetsi akakhalapo aliyense amatha zikwama 6, ndiye 18 pa tsiku. Akathima timadalira makina a mapazi aja, mmodzi akusoka ena akudula ndi kukonzera, timatha 8 basi. Mazipi onse 40 alipo tsopano. Lero tikumaliza kudula nsalu, kusoka kuyamba mawa.

Mkulu wa Zogulagula

Ndiye Lachisanu lija munalemba usiku silikanatheka ngakhale magetsi atayaka osaphethira. Lachinayi 18, Lachisanu 18, zakwana 36 madzulo a Lachisanu, ofesi itatsekedwa kale, ndipo 4 zikadali pamakina. Mukanapepesa lero n'kudzapepesanso Lachisanu.

Tsopano tiwerengere masiku oipa. Pa Lachinayi, Lachisanu ndi Loweruka, magetsi akathima tsiku limodzi muli ndi 18, 8 ndi 18, zomwe ndi 44, zakwana. Akathima masiku awiri muli ndi 18, 8 ndi 8, zomwe ndi 34, ndipo 6 zotsalazo mumaliza Lamulungu masana. Choncho tsiku limene mungaimepo ndi Lolemba m'mawa galimoto isananyamuke. Akathima masiku onse ndiye mwatsala pang'ono, n'chifukwa chake mufunika njira yachiwiri: zotsala mudzazitengere nokha ku Salima Lolemba madzulo, msonkhano usanayambe Lachiwiri. Msewu wa Salima ndi wa makilomita pafupifupi 100, pa minibasi mukafika tsiku lomwelo.

Ndipo 80 zatha kalezo zikudikira chiyani ku Kawale? Zipite mawa m'mawa. Amayiwo ayamba kulongedza Lachinayi ndi Lachisanu, ntchito yawo yaikulu yatheka.

Zikwama za ku Kawale

Ndinkaopa kupereka zoperewera, ndimati zimaoneka zamanyazi. Koma ndamva.

Mnyamata wa Matisheti

Achemwali, ikanimonso kuchotsera mtengo. Muwadulire K10 pa K100 iliyonse, ndiye K84,000. Kupepesa kwa pakamwa aliyense amatha, ndalama ndiyo imaonetsa kuti mukutanthauzadi. Ine ndimatero ndipo makasitomala amabwereranso.

Zikwama za ku Kawale

Achimwene, phindu langa pa chikwama ndi pafupifupi K1,500, pa oda yonse K180,000. K84,000 ndi pafupifupi theka la phindu lonse. Koma ngati ndi zoyenera ndichita.

Mkulu wa Zogulagula

Kwa munthu wogula ndi ndalama za m'thumba mwake, kuchotsera kumamveka. Kubungwe n'kosiyana. Amayiwo ndalamazo si zawo, ndipo invoyisi ikasiyana ndi kotesheni komanso pepala la oda, a zachuma amaibweza kuti afotokoze chifukwa chake. Mwawaonjezera ntchito, ndipo malipiro anu omwe achedwa. Chimene ataya amayiwa ndi nthawi yolongedza, ndiye bwezani nthawiyo. Apempheni kuti pokapereka 80 mawa mutengeko makope ndi zolembera za zikwama 40 zotsalazo, mudzabwere nazo Lolemba zili zolongedza kale. Kapena mubwere ndi mtsikana wanu 7 koloko adzathandize kulongedza. Mayendedwe onse akhale anu.

Mnyamata wa Matisheti

Ine ndikuonabe kuti popanda ndalama kupepesako n'kopepuka. Bwana wawo akaona kuti mtengo watsika amadziwa kuti munthuyu wamva kuwawa.

Mayi wa Makeke

Kapena zikwama ziwiri zaulere pamwamba, pamsonkhano sipalephera kubwera anthu oonjezera.

Aphunzitsi a Chichewa

Munthu amene akulimbana ndi 40 asadzionjezere zina ziwiri, amayi. Zimenezo ndi za oda yotsatira.

Zikwama za ku Kawale

Ndalembanso. Onani:

> Amayi,
>
> Ndinalonjeza kupereka zikwama 120 Lolemba pa 6 ndipo sindinatero. Pepani. Sindinawerengere bwino nthawi ya ntchitoyi, ndipo nditaona kuti sindikwanitsa ndinayenera kukuuzani sabata yatha, osadikira kuti mufunse. Ndikudziwa kuti zakuchepetserani masiku olongedza.
>
> Zikwama 80 zatha, ndibwera nazo ku ofesi kwanu mawa Lachinayi pa 9, nthawi ya 10 koloko m'mawa. Zotsala 40 ndidzabwera nazo Lolemba pa 13, nthawi ya 7 koloko m'mawa, galimoto yanu isananyamuke. Ngati mungalole, mawa ndidzatengeko makope ndi zolembera za zikwama 40 zimenezi kuti ndidzabwere nazo zili zolongedza kale.
>
> Loweruka madzulo ndidzakutumizirani uthenga wa chiwerengero chimene chatha. Pakadzatsala chilichonse Lolemba m'mawa, ndidzachibweretsa ndekha ku Salima tsiku lomwelo, pa ndalama zanga.
>
> Ndikulonjeza kuti izi sizidzachitikanso mpaka kalekale, ndipo ndikupempha kuti musandisiye pa maoda a m'tsogolo.
>
> Zikomo.

Aphunzitsi a Chichewa

Ndime yoyamba yakhala bwino kwambiri. Chifukwa chili m'chiganizo chimodzi, ndipo ndi chanu. Ndime yomaliza ichoke yonse. "Mpaka kalekale" palibe angalonjeze, ndipo kupempha maoda a m'tsogolo katundu wa lero asanafike kukubweza nkhani kwa inu. Amayiwo aganiza okha za m'tsogolo akaona zikwama Lolemba.

Mayi wa Makeke

Koma moni mwachotsanso? Imelo ikuyamba ngati kalata ya kupolisi. Ikani "Ndikhulupirira mwaswera bwino", si kufotokoza mopyola muyeso kumeneko, ndi ulemu.

Aphunzitsi a Chichewa

Pamenepo ndikugwirizana nanu amayi. Mzere umodzi wa moni ubwerere.

Mkulu wa Zogulagula

Ngati mukufuna kusiyako kanthu m'malo mwa ndime yochotsedwayo, lembani chimene mudzachite mosiyana, chinthu chooneka: "M'tsogolo muno ndikaona kuti tsiku likuvuta ndizikudziwitsani nthawi yomweyo." Chimenecho mukhoza kusunga. Mukachisiyanso palibe cholakwika.

Zina ndi za katumizidwe. Musayambe imelo yatsopano. Tsegulani yawo ya dzulo ija muyankhe pomwepo, kuti funso ndi yankho zikhale pamodzi. Muone ngati anaika anthu ena pa `Cc`. Ngati alipo, dinani `Reply all`, chifukwa amayiwo anawaikapo dala kuti aone kuti akutsatira nkhaniyi. Ngati palibe, musawaonjezere bwana wawo nokha. Nambala yanu ya foni ikhale pansi pa dzina lanu.

Ndaonanso kuti mwasunga mawu akuti "zakuchepetserani masiku olongedza". Asachoke. Ndi okhawo amene akuonetsa kuti mukudziwa chimene kuchedwaku kwawachita iwowo, ndipo sakukokomeza.

Kalipentala wa ku Mchesi

Ine ndikadawauzabe za magetsi. Aliyense mu Lilongwe muno akudziwa mmene zilili, sangakane.

Mkulu wa Zogulagula

N'chifukwa chake sizifunika kulembedwa, achimwene. Amayiwo akudziwa, ndipo akudziwanso kuti achemwaliwa ankadziwa za magetsi tsiku limene ankavomera pa 6. Vuto lodziwika kale limalowa m'kawerengedwe ka masiku, monga tachitira pamwambapa.

Mnyamata wa Matisheti

Chinthu chimodzi chikundidetsa nkhawa pa za kutenga makope. Akasowa kope limodzi kapena zolembera ku Kawale, mlandu wachiwiri ndi umenewo. Muwerengere limodzi pamaso pawo ndipo asaine.

Mkulu wa Zogulagula

Mwanena zanzeru. Chimodzimodzi zikwama 80 zija: pepala loperekera katundu lilembedwe kuti 80 mwa 120, zatsala 40, asaine, inu musunge lanu. Invoyisi ya K420,000 yotsalayo musaipereke mawa, idikire mpaka chomaliza chitafika.

Zikwama za ku Kawale

Ndatumiza. Moni ndabwezeretsa, ndime yomaliza ndachotsa, za maliro sindinalembe. Pa `Cc` panali munthu mmodzi, ndiye ndayankha onse. Ayankha patangopita mphindi zochepa: "Zikomo. Mawa 10 koloko tikudikira. Makope sitingatulutse mu ofesi, bwerani ndi wothandiza Lolemba." Za pepani wanga sananenepo kanthu. Kodi ndiye kuti akwiyabe? Ndiwalemberenso?

Mayi wa Makeke

Mwina akwiyadi pang'ono, ndipo ali ndi ufulu. Mawa mukakaonana maso ndi maso mudzaona nkhope, mukapepesenso pakamwa kamodzi. Akafunsa za telala wanu, muwauze.

Mkulu wa Zogulagula

Musalembenso yopepesa. Yankhani mzere umodzi wotsimikiza kuti Lolemba mubwera ndi wothandiza 7 koloko, ndipo funsani ngati pa nthawi imeneyo pageti padzakhala wokutsegulirani, chifukwa maofesi ambiri amayamba mochedwerapo kuposa pamenepo. Ngati sipadzakhala munthu, mugwirizane nthawi ina lero lomwe.

Wa ku Joni

Dalaivala uja wayankha, ali ku Tete, akuti mawa alowa Mwanza. Bambo wa ku Limbe ndimulembera pa WhatsApp, imelo sagwiritsa ntchito. Ndimuuza kuti masabata awiri aja ndinanena ndine ndipo sanakwane. Koma tsiku lofikira ndinene Loweruka kapena ndionjezere mpaka Lachiwiri? Pa Mwanza paja sipadziwika.

Mnyamata wa Matisheti

Lachiwiri achimwene, ikafika Loweruka adzasangalala.

Mkulu wa Zogulagula

Ine sindikanatchula tsiku lofikira thiraki isanadutse pa Mwanza. Muuzeni kuti lero ili ku Tete, ndipo mawa madzulo mumuuza ngati yadutsa boda. Ikadutsa, kuchoka ku Mwanza kufika ku Limbe ndi ulendo wa maola ochepa, pamenepo mukhoza kunena tsiku. Mufunsenso dalaivalayo ngati atsitsa kaye katundu wa anthu ena ku Blantyre asanafike kwa bambo wanuyo.